Their, there ndi they're: kupeza sipelo yoyenera pamene mwangomva mawu ndi khutu

M'Chichewa tili ndi mawu akuti mtengo. Munthu akalemba mawuwa okha papepala, simungadziwe ngati akunena mtengo wa mango kapena mtengo wa shuga kugolosale. Akawatchula ndi pakamwa mumadziwa, chifukwa liwu limakwera mosiyana. N'chimodzimodzi ndi khungu: pali khungu la pathupi, palinso khungu losaona. Kwathu kuno pepala limabisa kusiyana kumene pakamwa pamaonetsa. Chingerezi chili ndi vuto lomweli koma lotembenuka. Pakamwa pamatulutsa liwu limodzi, pomwe papepala pali malembedwe awiri, atatu, nthawi zina anayi. Mawu otere akatswiri amawatchula kuti mahomofoni, ndipo otchuka kwambiri mwa iwo ndi *their*, *there* ndi *they're*.

Katchulidwe sikangakusankhireni kalembedwe. Mwini Chingerezi wa ku London amatchula *their* ndi *there* mofanana ndendende, ndipo ngakhale mutamvetsera kakhumi simupeza kusiyana, chifukwa kulibe. Ntchito ya khutu ndi kukupatsani mndandanda wa malembedwe otheka basi. Chosankha pa mndandandawo ndi tanthauzo. Ife tinazolowera kulemba zimene tamva, poti Chichewa chimalola zimenezo: amene wadziwa a, e, i, o, u ndi maphatikizo ake angathe kulemba pafupifupi mawu alionse. Chizolowezi chimenechi n'chimene chimatigwetsa tikachitengera ku Chingerezi.

Chifukwa chimene zinakhalira chonchi

Chingerezi chili ndi malembo 26, koma timaliwu timene amatulutsa polankhula ndi pafupifupi 44, ndipo mwa timeneti pafupifupi 20 ndi ta malembo a liwu. Malembo asanu aja akusenza katundu wa timaliwu 20. Koma chimenechi pachokha sichikanabala mahomofoni ochuluka chotere. Chachikulu n'chakuti kalembedwe kanaima, katchulidwe n'kumapitirira ulendo.

William Caxton anayamba kusindikiza mabuku ku Westminster mu 1476. Kuchokera nthawi imeneyo kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono, ndipo pofika 1755, pamene Samuel Johnson anatulutsa dikishonale yake, masipelo ambiri anali atafika mmene tikuwadziwira lero. Koma m'zaka zomwezo, kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700, Angerezi ankasintha katchulidwe ka malembo awo a liwu otalika. Mawu akuti *meet* ndi *meat* kale ankamveka mosiyana, n'chifukwa chake analembedwa mosiyana. Kenako anadzakumana pa liwu limodzi, malembo n'kutsala mmene analili. Ndiko kunachokera *see* ndi *sea*, *week* ndi *weak*, *steel* ndi *steal*. Mawu ochepa okhala ndi *ea* anapatukira njira ina, ndipo *break*, *steak* ndi *great* anakagwirizana ndi *brake*, *stake* ndi *grate*. Malembo opanda liwu nawo anagwa m'njira. Mu *knight*, *k* ankatchulidwa, *gh* nayenso ankamveka ngati kamkokomo ka kukhosi. Zonse ziwiri zitasiya kumveka, *knight* anafanana ndi *night*. Lembo la *w* la mu *write* nalonso linali lomveka.

*Their* ndi *there* ali ndi mbiri yakeyake. *There* ndi mawu a Chingerezi chakale chenicheni, a banja limodzi ndi *here* ndi *where*. *Their* ndi mlendo. Anabwera ndi Avaikingi ochokera ku Scandinavia amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England, pamodzi ndi *they* ndi *them*, ndipo anatenga zaka mazana kuti afalikire mpaka kumwera. Ndiye *ei* wa mu *their* ndi *ey* yemwe uja wa mu *they*. Mukakumbukira chibale chimenechi simudzalembanso *thier*, chifukwa onse atatu, *they*, *them* ndi *their*, amayamba ndi *the*.

Mbiriyi ili ndi phindu lenileni polemba. Kalembedwe ka Chingerezi kamasunga kumene mawu anachokera ndi abale ake, osati liwu lokha. Tibwereranso ku mfundo imeneyi, poti ndi imodzi mwa njira zodalirika zopezera sipelo.

Atatu aja

Apa wolankhula Chichewa ali ndi mwayi umene mwana wa ku England alibe. Mwana uja anaphunzira liwu limodzi ali wamng'ono, ndipo akafika kusukulu amadzauzidwa kuti liwulo ndi mawu atatu. Ife m'mutu mwathu mawu atatuwa ndi osiyana kale. Palibe Mchewa angasokoneze "yawo" ndi "kumeneko". Choncho mukakayika, tembenuzani chiganizocho m'Chichewa mumve chimene chituluke.

Chikatuluka ndi wawo, yawo, chawo, zawo kapena kwawo, ndiye kuti mukunena za umwini, ndipo mawu ake ndi *their*. *Their house is big*, nyumba yawo ndi yaikulu. *Their* sayenda yekha, nthawi zonse patsogolo pake pamabwera dzina la chinthu. Nthawi zina dzinalo limachedwa pang'ono chifukwa afotokozi alowa pakati, monga mu *their old red car*, koma lifika ndithu. Muthanso kuyesa poikapo *our*. Ngati *our old red car* ikumveka bwino, *their* ali pamalo pake.

*There* ali ndi ntchito ziwiri, ndipo ambiri amangodziwa yoyamba. Yoyambayo ndi ya malo: apo, uko, kumeneko, mmenemo. *Put it there*, ikani apo. Mkati mwa mawuwa muli *here*, ndipo mukaikapo *here* chiganizo chimayendabe. Ntchito yachiwiri ndi imene ife timaigwira ndi pali, kuli, muli, palibe. *There is no water*, kulibe madzi. *There were many people*, kunali anthu ambiri. Apa *there* sakuloza malo alionse, akungotsegula chiganizo chonena kuti chinthu chilipo. Zolakwa zambiri zimene ndimaona m'makalata zili pa ntchito yachiwiriyi. Munthu amalemba *their is a problem* chifukwa anaphunzitsidwa kuti *there* ndi wa malo, ndipo m'chiganizochi sakuonamo malo. Chizindikiro chake n'chosavuta. Ngati mawu otsatira ndi *is*, *are*, *was*, *were*, *has been* kapena *will be*, *their* sangakhalepo, poti amenewa si mayina a zinthu.

*They're* ndi mawu awiri ophatikizidwa, *they are*. Kachizindikiro kali pamwambako ndi nkhodolero, yomwe ija timagwiritsa ntchito tikamalemba m'nyumba m'malo mwa mu nyumba, kapena n'zoona m'malo mwa ndi zoona. Imasonyeza kuti pagwa lembo. Kuyesa kwake ndi kubwezeretsa lembo lagwalo. *They're coming* ikhala *they are coming*, akubwera, zayenda. *They're car* ikhala *they are car*, iwo ndi galimoto, zakanika. Chiganizo chimodzi chingathe kunyamula onse atatu: *They're there with their children*. M'Chichewa chimangomasuka chokha: ali kumeneko ndi ana awo.

Kubwezeretsa lembo kumeneku kumathetsanso magulu ena atatu nthawi imodzi: *it's* ndi *its*, *you're* ndi *your*, *who's* ndi *whose*. Wokhala ndi nkhodolero ndi mawu awiri, wopanda nkhodolero ndi wa umwini. Chimene chimasokoneza anthu n'chomveka. Anaphunzira kuti umwini umalembedwa ndi nkhodolero, monga *the teacher's book*, ndiye amaganiza kuti mchira wa galu ukhala *it's tail*. Koma lamulo limenelo ndi la mayina. Alowam'malo a umwini alibe nkhodolero: *his*, *hers*, *ours*, *yours*, *theirs*, *its*. Palibe amalemba *hi's*, ndipo *its* ali m'gulu lomwelo. Dziwaninso kuti *it's* ndi *who's* angathe kuimira *has*, monga mu *it's been raining*, choncho poyesa yesani *is* ndi *has* onse awiri.

Mahomofoni enieni ndi amene khutu lathu limapanga

Musanayambe kufufuza mawu, pali funso limodzi loti mudzifunse: kodi mawuwa amamvekadi mofanana, kapena ndi khutu langa limene likuwafananitsa? Magulu awiriwa mankhwala ake ndi osiyana.

Khutu lokulira m'Chichewa limamva malembo a liwu asanu, ndipo liwu lililonse lachilendo limalikankhira ku limodzi mwa asanuwo. N'chifukwa chake *leave* ndi *live* timawatchula chimodzimodzi, *seat* ndi *sit* chimodzimodzi, *fool* ndi *full* chimodzimodzi. *Hat*, *hut* ndi *heart* onse amatuluka ngati hati. *Bed* ndi *bird* amayandikana, *walk* ndi *work* amasokonezeka m'makalata ofunsira ntchito. Palinso nkhani ya *l* ndi *r*. M'Chichewa amenewa ndi liwu limodzi: timalemba r pambuyo pa i ndi e, monga mu kulira ndi kubwera, l m'malo ena onse, ndipo mutasinthanitsa tanthauzo silisintha. M'Chingerezi limasintha. *Pray* ndi kupemphera, *play* ndi kusewera. *Correct* ndi kukonza cholakwika, *collect* ndi kusonkhanitsa kapena kukatenga.

Mawu amenewa kwa mwini Chingerezi si mahomofoni. Kwa ife amakhala ngati mahomofoni, ndipo zimenezi zimatalikitsa mndandanda wathu. Mngerezi akamva liwu la mu *write* ali ndi malembedwe anayi oti asankhepo: *right*, *write*, *rite* ndi *wright*. Ife tiyenera kuwonjezapo *light*. Palibe chochititsa manyazi pamenepa, ndi mmene makutu a anthu onse amagwirira ntchito, ndipo Mngerezi naye amalephera kusiyanitsa pala ndi phala. Koma pofufuza muyenera kukumbukira kuti chimene mwamva chingathe kukhala choyandikira chabe. Dikishonale yabwino, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, imaika katchulidwe pakati pa timizere tiwiri topendekera. Simufunika kudziwa zizindikiro zonsezo. Ingoyerekezani. Ngati zizindikiro za mawu awiri zili zofanana ndendende, monga zilili pa *their* ndi *there*, amenewo ndi mahomofoni enieni, ndipo kuphunzitsa khutu sikungathandize. Ngati zikusiyana, monga pa *leave* ndi *live*, mungathe kuphunzira kumva kusiyanako.

Chingerezi chimene timatsata kwathu kuno ndi cha ku Britain, chimene sichitchula *r* wobwera pambuyo pa lembo la liwu pokhapokha kutsogolo kuli lembo lina la liwu. Zimenezi zimabala mahomofoni ena amene anthu ambiri a ku Amereka alibe: *court* ndi *caught*, *source* ndi *sauce*, *father* ndi *farther*, *sort* ndi *sought*. Choncho mukamva liwu lotalika la o kapena a, ikani pa mndandanda kalembedwe kokhala ndi *r* ngakhale simunamumve.

Kufufuza mawu amene simudziwa poyambira pake

Dandaulo lakale ndi lakuti: ndingafufuze bwanji m'dikishonale mawu amene sindikudziwa kalembedwe kake? Dandauloli ndi lomveka, makamaka ngati lembo loyamba lenilenilo ndi lobisika. Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mpaka pamapeto.

Tinene kuti ndinu mlembi wa komiti ya sukulu, ndipo pamsonkhano wapampando wanena za ana amasiye awiri. Mwalemba mothamanga mmene mwamvera: de bodi agridi tu wevu deya fizi. Usiku mukukonza maminitsi kuti muwatumize.

Choyamba, musataye chiganizo. Mawu amodzi okha sangafufuzike, koma mawu okhala pakati pa anzake amadziulula. Ngati mukulemba mothamanga ndipo mwakumana ndi mawu achilendo, alembeni m'kalembedwe ka Chichewa mmene ndachitiramu, pamodzi ndi mawu awiri kapena atatu a mbali zonse.

Chachiwiri, dzifunseni ntchito imene mawu alionse akugwira. Bodi wabwera pambuyo pa *the* ndipo ndi amene wagwirizana pa mfundo, ndiye ndi dzina. Malembedwe otheka ndi *board*, *bored*, *bod*, *bode*. *Bored* ndi mfotokozi wa munthu amene watopa ndi chinthu chosasangalatsa, sangagwirizane pa kanthu. Watsala *board*, gulu la oyang'anira. Deya watsatiridwa ndi dzina, ndipo m'Chichewa tinganene kuti fizi yawo, choncho ndi *their*. Awiriwa atha popanda kutsegula buku.

Wevu ndiye wovuta. Wabwera pambuyo pa *to*, ndiye ndi mneni. Mawu amene mukuwadziwa ndi *wave*, kubayibitsa ndi dzanja, kapena funde la panyanja. Koma komiti siingabayibitse fizi. Tanthauzo limene munamva pamsonkhanopo ndi lakuti anawo awakhululukira, salipira. Kusagwirizana kumeneku ndiko chizindikiro chakuti pali mawu ena obisika. Anthu ambiri amalakwa pomwepa: amatenga sipelo imene akuidziwa kale chifukwa ikumveka bwino, osafunsa ngati tanthauzo lake likulowa.

Tsopano pangani mndandanda. Liwu la pakati pa mawuwa, lija limamveka ngati ei, lili ndi malembedwe angapo odziwika: *a* wotsatiridwa ndi *e* wakumapeto monga mu *late*, *ai* monga mu *wait*, *ay* monga mu *day*, *eigh* monga mu *eight*, *ei* monga mu *vein*, ndi *ea* monga mu *break*. Ena mungathe kuwachotsa msanga. *Ay* amakonda kumapeto kwa mawu, osati pakati. Mawu a Chingerezi satha ndi *v* yekha kupatula achidule ochepa, ndiye kumapeto kudzakhala *ve*. Mwatsala ndi *wave*, *waive*, *weive*, *weave*. Mukatsegula dikishonale mupeza kuti *weive* kulibe, *weave* ndi kuluka ndipo amatchulidwa mwina, pomwe *waive* akutanthauza kusiya mwadala ufulu kapena malipiro amene ukanatha kufuna. Ndi ameneyo. *The board agreed to waive their fees.* Werenganinso zitsanzo zimene dikishonale yapereka pansi pa tanthauzo. Mukaona mawu anu akuyenda ndi anzake ofanana ndi a m'chiganizo chanu, monga *fee*, *right* kapena *rule*, ndiye kuti mwafikadi.

Vuto limakula ngati chobisika chili kumayambiriro, chifukwa dikishonale imasanja mawu potsata lembo loyamba. Tinene kuti pa nkhani ya chuma cha masiye mwamva kuti mwana uja ndi *the only* eya. Mufufuza pa *a* mupeza *air*, mpweya. Mufufuza pa *e* simupeza chothandiza. Pamenepa muyenera kudziwa malembo osamveka amene amaima pakhomo la mawu, ndipo si ambiri. Mawu omveka ngati akuyamba ndi lembo la liwu angathe kukhala ndi *h* wachete, ndipo ofala ndi anayi okha ndi abale awo: *hour*, *honest*, *honour* ndi *heir*. Wotsirizayu ndiye wolowa m'malo ndi kulandira chuma. Mukamva n, yesani *kn*, *gn* ndi *pn*. Mukamva r, yesani *wr* ndi *rh*. Mukamva s, yesani *c*, *sc* ndi *ps*. Mukamva f, yesani *ph*. Mukamva k, yesani *c*, *ch* ndi *qu*, monga mu *chemist* ndi *quay*. Mukamva h, yesani *wh*, monga mu *whole* amene amafanana ndi *hole*. Mzere umenewu ndi woyenera kuulemba mkati mwa chikuto cha kope lanu.

Pali njira inanso yachidule imene ife a zilankhulo ziwiri tili nayo. Ngati tanthauzo mukulidziwa, lowerani khomo la Chichewa. Tengani dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi, monga ija ya Steven Paas, mufufuze mawu a Chichewa a tanthauzo limenelo, kenako muone ngati pa mawu a Chingerezi amene aperekedwa pali lomveka ngati limene munamva. Sinthawi zonse pamene mungalipeze, koma pa mawu a tsiku ndi tsiku njirayi ndi yachangu kuposa kuyesa malembo.

Funsani abale a mawuwo

Tibwerere ku mfundo ija yakuti kalembedwe ka Chingerezi kamasunga chibale. Kawirikawiri lembo limene lili chete m'mawu amodzi limamveka mwa m'bale wake. Ineyo njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa ukaidziwa umasiya kuloweza n'kuyamba kumvetsa.

Taonani *two*, *too* ndi *to*. *W* wa mu *two* samveka, koma amamveka mu *twin*, *twice*, *twelve*, *twenty* ndi *between*, ndipo onsewa ali ndi ganizo la ziwiri. Ndiye nambala ndi imene ili ndi *w*. *K* wa mu *know* amatulukira poyera mu *acknowledge*. *G* wa mu *sign* amamveka mu *signal* ndi *signature*. Pa *site*, *cite* ndi *sight*, malo omangapo ndi m'bale wa *situation*, kutchula buku limene mwatengamo mfundo ndi m'bale wa *citation*, ndipo kuona kwatsala ndi *igh*. *Hear* amapereka *heard*, osati *herd* wa gulu la ng'ombe. Pa *complement* ndi *compliment*, wokhala ndi *e* ndi wogwirizana ndi *complete*, chinthu chokwaniritsa chinzake, pomwe winayo ndi mawu oyamikira.

Nthawi zina wothandiza si m'bale koma mnansi wa mapangidwe ofanana. M'Chingerezi cha ku Britain, *practice* ndi dzina ndipo *practise* ndi mneni, *licence* ndi dzina ndipo *license* ndi mneni. Khutu silingasiyanitse. Koma *advice* ndi *advise* amatsata lamulo lomwelo ndipo iwo amamveka mosiyana, wina ndi s wina ndi z. Ikani mmodzi wa awiriwa m'chiganizo chanu. Ngati pakulowa *advice*, lembani ndi *c*. Ngati pakulowa *advise*, lembani ndi *s*. Ku Amereka amachita mwina: *practice* amagwira ntchito zonse ziwiri, *license* nayenso zonse ziwiri. Mukaona choncho pa intaneti musaganize kuti aphunzitsi anu analakwa.

Pamene palibe m'bale kapena mnansi, mpamene timiyambi tokumbutsa timathandiza: mu *hear* muli *ear*, mu *piece* muli *pie*, *stationery* wa mapepala ali ndi *e* ngati *envelope*. Timeneti ndi tabwino pa mawu ochepa amene amakuvutani inuyo mobwerezabwereza. Mukapanga tambiri mudzayamba kuiwala timiyambi tomweto.

Foni ndi kompyuta

Kamzere kofiira kamene kamabwera pansi pa mawu kamafufuza chinthu chimodzi, ngati mawuwo ali pa mndandanda wa mawu a Chingerezi. *Wave their fees* sadzafiira, chifukwa mawu onse atatu alipo. Mapulogalamu ena ali ndi kamzere ka mtundu wina koona galamala, ndipo kamagwira zolakwa zofala monga *their is*, koma kamaphonya zambiri, makamaka pa mawu osowa. Tsamba lopanda kamzere kofiira likungotanthauza kuti mulibe mawu opeka. Choopsa china ndi kusankha mawu oyamba amene foni yapereka. Mukalemba *wether*, ingathe kukupatsani *weather* pamene mumafuna *whether*.

Foni imathandiza mukaipatsa chiganizo. Polemba ndi mawu kudzera pa kachizindikiro ka maikolofoni, nenani chiganizo chonse, chifukwa makinawo amasankha kalembedwe poyang'ana mawu oyandikana nawo. Mukangonena wevu payekha adzalemba mawu ofala kwambiri. Dziwaninso kuti katchulidwe kathu kangathe kuwasokoneza pa *l* ndi *r* ndi pa malembo a liwu aja. Pofufuza pa intaneti chitaninso chimodzimodzi: lembani sipelo yanu yongoyerekeza pamodzi ndi mawu a nkhaniyo, monga `wave school fees meaning`, ndipo nthawi zambiri zotsatira zidzaonetsa kalembedwe koyenera. Mukakapeza, katsimikizeni m'dikishonale. Kuchuluka kwa anthu olemba mwanjira inayake si umboni, poti zolakwa za mahomofoni zadzaza pa intaneti ndipo ambiri ozilemba ndi eni chilankhulo.

Pamene njirazi zimalekezera

Pali malo awiri pamene tanthauzo nalo silingakupulumutseni. Oyamba ndi mayina a anthu. *Stephen* ndi *Steven*, *Ann* ndi *Anne*, *Clark* ndi *Clarke* amamveka mofanana ndipo palibe lamulo lililonse. Funsani mwini wake, kapena onani pa chiphaso, makamaka ngati mukulemba satifiketi kapena kalata ya kubanki.

Achiwiri ndi zining'a, pamene tanthauzo la gulu lonse la mawu silichokera ku mawu amodziamodzi. Wopempha kuti mumulezere mtima amalemba *bear with me*, chifukwa *bear* ndi kupirira. *Bare* ndi kuvula kapena kukhala poyera, ndipo kulemba *bare with me* m'kalata ya kuofesi ndi cholakwa chimene owerenga amachikumbukira. Kupatsa munthu ufulu wochita mmene akufunira ndi *free rein*, kuchokera ku zingwe zowongolera hatchi, ngakhale kuti *reign*, kulamulira kwa mfumu, akuoneka ngati akulowa bwino. Kumvera malamulo ndi *toe the line*, chala cha kuphazi pamzere, osati *tow*, kukoka. Kuwerenga mofatsa ndi *pore over*, osati *pour*. M'zining'a zotere nzeru zanu zingathe kukupatsani chifukwa chomveka cha sipelo yolakwika. Fufuzani chining'a chonse monga chilili. M'dikishonale ya ophunzira zining'a zimakhala kumunsi kwa tanthauzo la limodzi mwa mawu ake akuluakulu, ndipo mukachisowa pansi pa *free* kachioneni pansi pa *rein*.